Lole imodzi, amalonda anayi: ndalama ya hayala tigawana bwanji?

Mayi wa Nyemba: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni masamu awa. Amalonda anayi atenga lole ya matani 7 kuchokera pa Lizulu kupita ku Limbe. Mwini lole wanena K600,000, mafuta ali momwemo. Kuwonjezera ya pachipata cha pa Chingeni, zingwe ndi mlonda wa usiku, zonse zikukwana K630,000. Katundu ndi uyu: kachewere matumba 30, anyezi matumba 20, nyemba matumba 25, kabichi matumba 10. Ena akuti tigawane powerenga matumba. Ine ndikuona kuti wa nyemba akuponderezedwa, chifukwa thumba lake ndi la makilo 50 pomwe la kachewere amanyamula amuna awiri. Chilungamo chili pati?

Bambo wa Kachewere: Mayi, kuwerenga matumba ndi kumene aliyense amachita, ngakhale madalaivala amatchaja pa thumba. Matumba onse ndi 85, mukagawa K630,000 mupeza K7,412 pa thumba. Nkhani yatha, lole inyamuke. Sikelo imadya nthawi, ndipo dalaivala sadikira anthu amene akukangana za makilo dzuwa likulowa.

Msungichuma: Bambo, dalaivala akamatchaja pa thumba satchaja mtengo umodzi. Amayamba waliona thumbalo, kenako nkunena kuti ili ndi zakuti, ilo ndi zakuti. Ndiye kuti akuyeza ndi maso. Kuwerenga matumba kumayenda bwino ngati onse atenga katundu wofanana m'matumba ofanana. Apa sizili choncho.

Tiyeni tiike makilo. Tinene kuti thumba la kachewere losokerera pamwamba likulemera makilo 95, ndiye matumba 30 ndi makilo 2,850. Anyezi makilo 70 pa thumba, onse 1,400. Nyemba makilo 50 pa thumba, zonse 1,250. Kabichi makilo 80 pa thumba, yense 800. Mukaphatikiza mupeza makilo 6,300. Tsopano gawani K630,000 ndi 6,300, mupeza K100 pa kilo. Aliyense achulukitse makilo ake ndi K100. Wa kachewere alipira K285,000, wa anyezi K140,000, wa nyemba K125,000, wa kabichi K80,000. Muziphatikizanso zinayizo musanatolere ndalama. Zikapanda kubwerera pa K630,000, penapake mwalakwitsa.

Tikatsata njira ya matumba ija, wa nyemba akadalipira K185,300, wa kachewere K222,360 yokha. Ndiye kuti mayi wa nyemba akadatulutsa K60,000 ndi kanthu yonyamulira mbatata za mnzake. Si ndalama yoti munthu angoti zilibe kanthu.

Mayi wa Nyemba: Ndimamva ndithu kuti pali cholakwika, koma sindimayembekeza kuti ndi yochuluka chonchi. Zikomo akulu.

Bambo wa Kachewere: Masamuwo sindikutsutsa. Koma mundiuze, matumba 85 muyeza nthawi yanji? Thumba la makilo 95 kulikweza pa sikelo yopachika pamafunika anyamata awiri, ndipo nawonso afuna yawo.

Msungichuma: Simuyeza onse. Nyemba zinayezedwa kale pogula, mungotsimikiza matumba awiri kapena atatu. Ovuta ndi katundu wogulidwa ndi maso kapena ndi ndowa, monga kachewere ndi anyezi. Pamenepo yezani matumba asanu pa mulu uliwonse. Koma osankha matumbawo asakhale mwini wake. Wa anyezi asankhe pa mulu wa kachewere, wa kachewere asankhe pa mulu wa anyezi, ndipo atenge ena pakati pa mulu, osati akutsogolo okha, chifukwa matumba aang'ono amakonda kuikidwa poonekera.

Tinene kuti asanuwo alemera 92, 97, 99, 91 ndi 96. Onse pamodzi ndi 475, kugawa ndi 5 ndi 95. Imeneyo ndiye nambala yochulukitsa ndi matumba 30. Mukaona kuti lopepuka ndi lolemera akusiyana ndi makilo opitirira 10, dziwani kuti matumbawo sanathiridwe mofanana. Apatuleni, aakulu kwaokha, aang'ono kwaokha, muyeze milu iwiri. Musapeputse makilo 5 pa thumba. Pa matumba 30 ndi makilo 150, pa mtengo wathu uja ndi K15,000 imene anzake amugawira osadziwa.

Ntchito yonseyi, matumba osakwana 20 oyezedwa, imachitika aganyu akupakira ena. Sichedwetsa lole.

Mnyamata wa Anyezi: Ine ndikuona kuti wa nyemba ndiye ayenera kulipira zambiri. Thumba limodzi la nyemba likagulitsidwa limaposa la kabichi kutali. Wopindula kwambiri alipire kwambiri, si choncho?

Mayi wa Nyemba: Achimwene, sitikugawana phindu, tikugawana lole. Nyemba ndimagulanso modula. Ndiye ndikakapeza mtengo wagwa ku Limbe mudzandibwezera?

Dalaivala wa Lole: Mayi akunena zoona. Galimoto sidziwa mtengo wa katundu. Imamva kulemera basi: mafuta pachitunda, matayala, masipuling'i, mabuleki potsika. Mtengo wa katundu umalowa pa nkhani ina, ya kulipirana katundu akasowa kapena akanyowa, osati pa hayala.

Ndiwonjezere za sikelo. Yogwiritsa ntchito ikhale imodzi kwa onse. Ngakhale itakhala kuti imanama pang'ono, ikanamiza onse mofanana gawo la munthu aliyense silisintha. Vuto limabwera wina akati ine ndinayeza kale kwathu pa sikelo yanga. Sikelo ya wotchi ija sipuling'i yake ikatopa imaonetsa makilo ochuluka, ndipo muvi wake umasuntha ndi kachitsulo kopotokola, munthu akhoza kuubweza kumbuyo. Musanayambe onani kuti muvi uli pa 0 mbedza ilibe kanthu. Kenako pachikani chigubu cha malita 20 chodzaza madzi, chiyenera kuonetsa makilo 20 ndi ka chigubucho, pafupifupi 21. Komanso sikelo yolekeza pa makilo 100 musaipachike thumba la 110, muvi umazungulira nkudutsa, wina nkuwerenga 10.

Mayi wa Kabichi: Nanga tiyeze pokweza kapena potsitsa? Kwathu ena amafuna potsitsa, akuti ndi pamene pamakhala nthawi.

Msungichuma: Pokweza, mayi. Potsitsa aliyense maso ali pa ogula, katundu wina wapita kale pa wilibala, ndipo munthu amene katundu wake watsika alibenso changu cholipira. Chinanso, kachewere wongokumbidwa amakhala ndi dothi ndi chinyezi, pofika wapepukako, koma lole inanyamula zonsezo. Makilo alembedwe m'kope pomwepo: dzina, mtundu wa katundu, matumba, kulemera kwa thumba, makilo onse. Mujambule tsambalo pa foni, aliyense akhale nacho chithunzi lole isanalize injini.

Bambo wa Kachewere: Chabwino, ndavomera makilo. Koma tsopano ndi nthawi yanga yodandaula. Kabichi amadya malo. Matumba 10 a kabichi ndi zimphona, ndipo simungaike kachewere pamwamba pake, aphwanyika. Akulipira K80,000 koma watenga malo amene ndikadaikapo matumba anga 12. Makilo pamenepo akunama.

Msungichuma: Apa mwagwira mfundo yeniyeni. Lole imadzaza m'njira ziwiri, kulemera kapena malo. Nyemba, chimanga, kachewere zimafikitsa matani 7 bodi isanadzaze. Kabichi, madengu a tomato, masamba zimadzaza bodi matani asanakwane. Kugawa ndi makilo okha kumakomera wa katundu wopepuka wodya malo.

Njira yake ndi kusandutsa malo kukhala makilo. Yezani kutalika kwa bodi. Tinene ndi mamita 6. Matani 7 kugawa ndi 6, mita iliyonse ya bodi, kuchokera mbali ino kufika mbali inayo, ikuyenera kunyamula makilo pafupifupi 1,170. Ngati kabichi watenga mita yathunthu payekha popanda chosanjikiza, mumuwerengere 1,170 m'malo mwa 800. Mumatenga nambala yaikulu pa ziwirizo, makilo enieni kapena makilo a malo. Makilo owerengera onse akhala 6,670, mtengo pa kilo utsika kufika K94.45. Wa kabichi alipira K110,510, wa kachewere K269,190, wa anyezi K132,230, wa nyemba K118,070.

Mayi wa Kabichi: Iyayi akulu, K30,000 yowonjezera pa kabichi matumba 10? Ndiye phindu langa latsala pati? Ndipo onani bwino, lole ya matani 7 yanyamula 6,300. Palibe amene watsala ndi katundu pansi chifukwa cha ine. Bambo wa kachewere anabwera ndi matumba 30 ndipo onse akwera. Matumba 12 akunenawo ali kuti? Komanso kabichi sindiye amakhala pansi. Wopakira wodziwa amayala kachewere ndi nyemba pansi, anyezi pakati, kabichi pamwamba. Pamenepo ndadya malo a ndani?

Dalaivala wa Lole: Pa kabichi mayi akhoza kupambana mlandu. Amakwera pamwamba bwinobwino, bola zingwe zisamangidwe mopyola ndipo tenti isamuphimbe mothina dzuwa likuswa, amapsa. Amene amadyadi malo ndi tomato wa m'madengu. Dengu silifuna chinthu pamwamba, silikhazikika pa matumba osalingana, ndiye limafuna pansi pa bodi kapena matabwa oyalidwa. Ameneyo muwerengereni malo, osanyengerera.

Msungichuma: Ndikugwirizana nanu nonse awiri, ndipo ndikonze mawu anga akhale omveka. Makilo a malo agwire ntchito pamene katunduyo watenga pansi pa bodi ndipo salola kusanjikiza. Akakwera pamwamba pa anzake alipire makilo ake enieni. Koma mayi, mfundo yoti palibe watsala pansi njoona theka lokha. Malo amene atsekedwa akadatha kugulitsidwa kwa wamalonda wachisanu, ndipo aliyense akadatsikirako mtengo. Lole ikapita ndi makilo 7,000 m'malo mwa 6,300, kilo imatsika kuchoka pa K100 kufika pa K90.

Mayi wa Kabichi: Wachisanuyo akakhalapo ndithu, ataima pamenepo ndi katundu wake, ndivomera. Koma kundilipiritsa chifukwa cha munthu wongoganizira, ayi.

Bambo wa Kachewere: Wachisanu sasowa pa Lizulu tsiku la msika.

Mnyamata wa Anyezi: Funso langa ndi lina. Katundu wina satsikira ku Limbe. Ngati wa nyemba atsitsa pa Zalewa, alipirabe K125,000 yonse?

Msungichuma: Pali njira yosavuta. Onani gawo la ulendo limene katunduyo wayenda, mudule makilo ake molingana. Tiyerekeze kuti pa Zalewa ndi magawo atatu mwa anayi a ulendo wonse. Makilo 1,250 a nyemba muwawerenge ngati 938. Onse pamodzi akhala 5,988, ndipo kilo ikwera kufika pafupifupi K105. Wa nyemba alipira cha m'ma K98,690, wa kachewere K299,850, wa anyezi K147,290, wa kabichi K84,170. Mtunda musakanganirane, dalaivala awerenge pa wotchi ya makilomita ponyamuka, potsitsa woyamba, ndi pofika.

Bambo wa Kachewere: Taonani tsopano. Ine katundu wanga sanasinthe, ulendo wanga sunasinthe, koma ndawonjezera pafupifupi K15,000 chifukwa mnzanga watsikira panjira. Mwini lole sanachotse ngakhale tambala. Zoona zimenezo?

Mayi wa Nyemba: Koma bambo, wa nyembayo akadapanda kukwera nkomwe mukadagawana K630,000 anthu atatu. Kilo ikadakhala K124.75, inu mukadalipira K355,000 ndi kanthu. Ndiye ngakhale watsikira pa Zalewa wakupepuzanibe.

Bambo wa Kachewere: Zimenezo ndamva. Komabe ine ndimati kuchotsera kukhalepo pokhapokha ngati watsika kutali ndithu. Wotsikira pa Lunzu alipire yonse, wafika kale ameneyo.

Dalaivala wa Lole: Pa Lunzu ndikuvomereza. Ndipo kumbukirani kuti kutsitsa panjira kuli ndi mtengo wake. Timasula zingwe, tichotse tenti, titsitse, timangenso, ola latha. Wotsika koyamba katundu wake akwere komaliza, akhale kumbuyo. Tsono nyemba nzolemera, zikakhala zonse kumchira kuseri kwa matayala akumbuyo, kutsogolo kumapepuka ndipo chiwongolero sichigwira bwino. Muzindiuza tisanayambe kupakira kuti wakuti atsikira pakuti, ndikonze kakhalidwe ka katundu. Osandiuza tili pa Chingeni.

Kukhotera kumbali nakonso, monga kukasiya katundu ku Ndirande kapena ku Bangwe ena onse akutsikira mumsika wa Limbe, imeneyo ndi ndalama ya mwini katunduyo payekha. Isalowe m'thumba la onse.

Mayi wa Kabichi: Pamenepa ndifunse bwino, zolowa m'thumba la onse ndi ziti? Chifukwa ena amaponyamo chilichonse, mpaka chakudya chawo.

Msungichuma: Funsani funso limodzi pa ndalama iliyonse: kodi ikadalipidwa chimodzimodzi ngakhale munthu mmodzi atachotsa katundu wake? Hayala, ya pachipata, zingwe, mlonda wa lole usiku, zimenezo inde, ndi za onse, zigawidwe ndi makilo. Aganyu okweza ndi otsitsa amatchaja pa thumba, ndiye aliyense alipire matumba ake. Chiphaso cha msika ndi cha mwini katundu. Matumba, ulusi wosokera, chakudya cha panjira, aliyense zake. Mukatumizirana pa Airtel Money kapena Mpamba, wotumiza aikepo ya potapa, apo ayi wosonkhanitsa ndalama amapezeka waperewera pomulipira mwini lole.

Pozungulitsa manambala musatsitse onse. K269,190 ikhale K269,200, osati K269,000. Timakwacha totsalato tilembedwe, tidzagule zingwe ulendo wina.

Mnyamata wa Anyezi: Nanga amene walonjeza kuti abwera ndi katundu koma tsikulo foni yake siikupezeka?

Msungichuma: Ameneyo ndiye amagwetsa magulu ambiri, chifukwa mtengo wa lole sutsika. Wa kabichi akapanda kubwera, makilo atsala 5,500 ndipo kilo ifika K114.55. Mankhwala ake ndi chikole. Potenga malo munthu anene makilo amene abweretse, apereke theka la mtengo wake lole isanaitanidwe. Wa makilo 800 apereke K40,000. Akapanda kubwera ndalamayo siibwerera, ichotsedwa pa K630,000, otsalawo agawana K590,000, kilo ikhala pafupifupi K107. Akapeza wina wolowa m'malo mwake, chikole chake chibwezedwe.

Wobwera ndi katundu wochepa kuposa amene analonjeza nayenso amavulaza anzake mofananamo. Wanena 2,000 wabwera ndi 1,200. Ine ndimati kuperewera kosapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi kukhululukidwe, poti pogula sungadziwe ndendende. Kupitirira apo alipire makilo amene analonjeza.

Mayi wa Nyemba: Zimenezo nzowawa kwa munthu amene wakapeza katundu wadula kumunda ndipo ndalama yamuthera. Sikuti wachita dala. Bwanji alipire theka la makilo operewerawo, monga mwa chikole chija?

Msungichuma: Zingatheke, bola zinenedwe lole isanaitanidwe. Lamulo lopangidwa vuto litachitika kale aliyense amaliona ngati lomulasa iyeyo.

Dalaivala wa Lole: Mbali inayo musaiiwale, wobwera ndi wochuluka. Wanena matumba 30 wabwera ndi 38, kapena matumba omwewo 30 koma asokereredwa mpaka makilo 110. Lole ya matani 7 ikapezeka ndi 8, pa sikelo ya pamsewu pali chindapusa, ndipo mwina katundu wina atsitsidwe. Tayala likaphulika chifukwa cha kulemera, tomato ndi kabichi wa anzanu akufota padzuwa. Ine ndimaona ndisananyamuke: masipuling'i akawongoka mpaka kutsala pang'ono kugunda chitsulo, matayala akumbuyo awiri aja akayandikana m'munsi ngati akhudzana, ndiye kuti tapyola. Kope lija la makilo limanditeteza inenso. Likanena 6,300 koma galimoto yakhala pansi chonchija, wina wanama.

Bambo wa Kachewere: Nanga chindapusacho alipire ndani? Ine ndimati ndi cha dalaivala, poti ndiye wavomera kunyamuka.

Dalaivala wa Lole: Ndikavomera ndikudziwa kuti tapyola, ndi changa. Ndikanamizidwa makilo, ndi cha wonamayo.

Mayi wa Kabichi: Ndipo mukanyamula matumba a munthu wina panjira, a dalaivala? Zimachitika pa Ntcheu kapena pa Balaka, wina waimika, matumba 6 akwera, ndalama yalowa m'thumba lanu. Lole talipira ndi ife yonse.

Dalaivala wa Lole: Ngati mwatenga lole yonse, malo otsala ndi anu, sindikana. Koma wopeza kasitomalayo ndi ine, womanga zingwe ndi ine. Tigawane pakati.

Msungichuma: Ine ndinganene kuti ndalama ya katundu wa panjira ichotsedwe pa hayala, kenako mugawe yotsalayo ndi makilo monga kale, dalaivala apatsidweko kachigawo kamene mwagwirizana. Theka ndi lambiri, a dalaivala. Ndipo makilo 700 otsala aja ndiwo malire, osati kungokweza poti ndalama yaoneka.

Mayi wa Nyemba: Ndalemba zonse m'kope. Chimene sindinamve yankho lake ndi eni katundu okwera nawo. Kutsogolo kumakwana awiri okha, ena amakwera minibasi ndi ndalama yawo. Okhala kutsogolowo awonjezerepo kanthu?

Bambo wa Kachewere: Wokhala kutsogolo ndiye akuyang'anira katundu wa onse, sagona, ndiye amalankhula ndi apolisi pa zipata. Amulipiritsenso?

Mayi wa Kabichi: Mmodzi woyang'anira akwere ulere, ndavomera. Wachiwiriyo apereke theka la mtengo wa minibasi, ligawidwe kwa awiri otsalawo. Kapena muzisinthana ulendo ndi ulendo, zilembedwe m'kope lomwelo kuti ulendo wapita anakwera ndani.